Wofuna kubwerera ku yunivesite anyamule umboni

Chaka cha maphunziro chikamayandikira, ku maofesi a alembi a mayunivesite athu kumafika makalata a ophunzira opempha kuti awalandirenso. Ena anachotsedwa atalephera mayeso, zomwe iwo eni amati kuwididwa. Ena anaimitsidwa pa mlandu, ndipo ena anangosiya kupita m'kalasi fizi itasowa kapena matenda atakula. Ife tikuona kuti ambiri amakanidwa chifukwa amalembera akuluakulu za chisoni chawo, pomwe komiti ikufuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi chimene chinakugwetsa chija chinachoka?

Choyamba chimene komiti imatsegula ndi failo ya wophunzirayo, kuti ione mmene anachokera. Amene analembera mlembi wamkulu kupempha kuti aime kaye, nayankhidwa, malo ake amakhala osungika kwa nthawi imene anagwirizana. Amene anangozimiririka amaoneka ngati wothawa sukulu, ndipo mayeso amene sanalembe angathe kuwerengedwa ngati analephera. Wochotsedwa chifukwa cha kulephera ndiye ali pa mpanipani kwambiri, pakuti m'masukulu ambiri njira yake ndi apilo yokhala ndi masiku owerengeka, ndipo masikuwo akadutsa pempho lake silimvedwanso. N'chifukwa chake buku la malamulo a ophunzira liyenera kuwerengedwa kalata isanalembedwe.

Tiyerekeze mtsikana wa chaka chachiwiri amene bambo ake, omwe ankamulipirira fizi, anamwalira pakati pa semesita. Iye anapita kumaliro, anakhalira komweko kusamalira azing'ono ake, ndipo padutsa zaka ziwiri asanalembere sukulu. Akalemba kuti "ndinakumana ndi mavuto, chonde ndikhululukireni", komiti ilibe pogwira. Kalata yothandiza imanena mwezi ndi chaka chimene anachoka, ndipo imaphatikiza chikalata cha imfa kapena kalata ya amfumu. Imavomereza poyera kuti iye sanadziwitse sukulu. Kenaka imafika pamtima pa nkhani: ana aja tsopano akuleredwa ndi azakhali awo, amalume ake asayina kalata yolonjeza kulipira fizi, ndipo risiti ya ngongole yakale imene walipirako nayi. Ngati zotsatira za chaka choyamba zinali zabwino, aziikepo, chifukwa zimasonyeza kuti mutu ulipo. Wodwala naye achite chimodzimodzi. Kalata ya dokotala yonena kuti anadwala ndi theka chabe la umboni, theka linalo ndi yonena kuti tsopano angathe kuphunzira. Woimitsidwa pa mlandu asataye masamba kutsutsa chigamulo chakale, koma asonyeze kuti chilango anamaliza ndiponso zimene wakhala akuchita pa nthawiyo.

Kulandiridwanso kumabwera ndi mfundo zake, ndipo makolo azidziwe asanasangalale. Kawirikawiri wophunzira amauzidwa kuti ayambe pamene chaka kapena semesita ikuyamba, abwereze maphunziro amene sanamalize, mwina chaka chonse, ndipo amalize ngongole ya fizi asanalembetse. Ena amapatsidwa nthawi yoyesedwa: akalepheranso, achotsedwa kotheratu. Ngongole ya boma yolipirira maphunziro siingobwerera yokha, ayenera kukaipemphanso ku bungwe loona za ngongolezo, ndipo chipinda chogona pasukulu palibe amene angamulonjeze.

Amene anakhala kunja zaka zambiri ali ndi vuto lina. Mayunivesite amaika malire a zaka zimene munthu ayenera kumalizira digiri, komanso maphunziro amasinthidwa. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: Unima ya ku Zomba, Mubas ndi Kuhes. Amene anasiya sukulu ku Poly chaka chimenecho chisanafike akulembera sukulu yoima payokha, yokhala ndi malamulo akeake. Ayenera kufunsa kwa mkulu wa dipatimenti kuti mwa zimene anakhoza kale ndi ziti zimene ziwerengedwe, asanagulitse mbuzi za amayi ake.

Sitikupempha kuti aliyense wolemba kalata alandiridwe. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa, ndipo kumubweza mwana pa vuto lomwe lija n'kumuwonongeranso chaka ndi ndalama. Koma akuluakulu a mayunivesite nawo ali ndi ngongole kwa ana amenewa. Malamulo a kubwerera alembedwe momveka, aikidwe poti wophunzira wa kumudzi awapeze osakwera basi, ndipo masiku otsekera mapempho alengezedwe. Wokanidwa auzidwe chifukwa chake m'kalata. Ndipo wophunzira akasowa m'kalasi kwa masabata angapo, ofesi yoona za ophunzira imuimbire foni, imuuze kuti alembe kalata yopempha kuima kaye mayeso asanafike.