Makina ofufuza zolemba: kodi Cizungu cosavuta casanduka mlandu?

Mwana wa mlongo wanga ali ku Mangalande, kumene acita digiri yaciwiri ya zaumoyo wa anthu. Anakulira ku Katete, ndipo Cizungu anaciphunzira m'kalasi monga ambiri a ife. Mwezi watha anandiimbira foni usiku, mau ake ali onjenjemera. "Amalume," anatero, "nkhani yanga ya mau 2,000 ndatsiriza, koma ndiopa kuipereka. Mnzanga amuitana ku komiti ati makina amulembera. Ine ndimalemba monga iye, ziganizo zifupi-zifupi. Kodi ndiikemo zolakwa dala?"

Funso limeneli lingaoneke loseketsa kwa ife amene tinali kukwapulidwa cifukwa ca kulakwitsa sipelo. Koma si nthabwala ai. Wophunzira wakunja akapezeka ndi mlandu wa cinyengo angalandire ziro, angabwereze phunziro, ndipo mlandu ukakula angacotsedwe sukulu. Ku Britain yunivesite ikacotsa wophunzira wakunja imauza boma, viza yake n'kudulidwa. Ndalama zimene banja linasonkha pogulitsa ng'ombe ndi cimanga zimapita m'madzi.

Nkhaniyi inayamba mu Novembala 2022, pamene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, pulogalamu imene imalemba nkhani yathunthu m'kamphindi. Aphunzitsi anacita mantha, ndipo amalonda anawathamangira ndi mankhwala. Mu Epulo 2023 kampani ya Turnitin, imene mayunivesite ambiri anali kuigwiritsa kale nchito pogwira okopera, inaonjezera cida cimene cimapereka nambala yoonetsa gawo la nkhani limene cikuganiza kuti linalembedwa ndi makina.

Pano mpofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri. Pulogalamu ikanena kuti wakopera, imakuonetsa buku kapena tsamba limene mauwo anacokera, ndipo aliyense angaike ziwirizo pamodzi ndi kudzionera yekha. Koma ikanena kuti makina akulembera, palibe cimene ingakuonetse. Imangoganizira cabe.

Nanga imaganizira motani? Tiyeni tiyese. Ndikanena kuti "madzulo tinadya nsima ndi ...", inu awerengi mwatsiriza kale: ndiwo. Ndikanena kuti "madzulo tinadya nsima ndi cisoni", mwadzidzimuka pang'ono, cifukwa simunayembekezere liulo. Makina olemba amagwira nchito posankha liu limene liyembekezeka kutsatira linzake. Conco zida zambiri zofufuza zimapima kuti mau a m'nkhani ndi oyembekezeka motani, ndiponso ngati ziganizo zimasiyana kutalika. Nkhani imene ilibe zodzidzimutsa, ya ziganizo zolingana monga mizere ya m'munda, imaoneka ngati ya makina.

Tsopano taganizirani m'mene mwana wa ku Katete kapena ku Chadiza anaphunzirira kulemba Cizungu. Anauzidwa kuti asagwiritse nchito liu limene salidziwa bwino. Anauzidwa kuti ndime iriyonse iyambe ndi mfundo yake, ndi kuti aike mau a Cizungu otanthauza "coyamba", "caciwiri", "kuonjezera apo" ndi "pomaliza" m'malo mwake. Wotsatira malangizo amenewa ndiye anali kukhoza Giredi 12. Mwana wa ku London amene anayamwa Cizungu amasewera naco, amaponyamo nthabwala ndi mau a m'khwalala. Wathu amayenda mosamala ngati woolokera pa mlatho wa mtengo umodzi, ndipo kusamalako ndiko kumene cida cimakuona ngati cizindikiro ca makina.

Izi si zongoganizira. Mu 2023 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku Amereka anatenga nkhani 91 zolembedwa ndi anthu okonzekera mayeso a Cizungu a TOEFL, anthu amene Cizungu si cilankhulo cao cobadwa naco, naziika m'zida zofufuza zisanu ndi ziwiri. Pa avereji, zidazo zinanamizira nkhani 61 pa 100 zirizonse kuti n'zamakina. Nkhani 89 mwa 91 zinagwidwa ndi cida cimodzi kapena kuposa, ndipo 18 zinagwidwa ndi zida zonse. Koma nkhani za ana a Giredi 8 a ku Amereka zinadutsa pafupi-fupi zonse popanda bvuto.

Comvetsa cisoni n'cakuti akatswiriwo atapereka nkhani 91 zija kwa ChatGPT kuti izikometsere ndi mau apamwamba, zonamiziridwa zinatsika kufika pafupi-fupi 12 pa 100. Ndiye kuti nkhani ya munthu inaoneka ya makina, koma makina ataigwira inaoneka ya munthu!

Tinene zoona mbali zonse. Nkhani zija zinali zifupi, zida zasintha kucokera mu 2023, ndipo ca Turnitin sicinali m'gulu la zoyesedwazo. Eni ace a Turnitin amati anacita kafukufuku wao ndipo sanapeze kukondera kweni-kweni kwa ophunzira a zilankhulo zina. Amatinso cida cao cimalakwa pa nkhani yosakwana imodzi pa 100. Komabe iwo omwe amabvomereza kuti nambala ikacepera 20 peresenti siidalirika, motero amangoika kanyenyezi m'malo mwa nambala, ndipo amacenjeza kuti nambalayo isakhale umboni wokha wolangira munthu.

Imodzi pa 100 imamveka yocepa mpaka mutaiwerengera. Yunivesite ya Vanderbilt ku Amereka inacita samuyi: mu 2022 inatumiza nkhani 75,000 ku Turnitin, kutanthauza kuti nkhani pafupi-fupi 750 zikananamiziridwa. Mu Ogasiti 2023 inazimitsa cidaco. OpenAI nayonso, mwini wa ChatGPT, inacotsa cida cace cofufuzira mu Julaye 2023 cifukwa sicinali kulondola: cinali kugwira 26 pa 100 cabe ya nkhani za makina, uku cikunamizira 9 pa 100 ya nkhani za anthu. Ngati mmisiri alephera kuzindikira khasu limene anasula yekha, ife tikhulupirire yani?

Conco mantha a mwana wa mlongo wanga ali ndi maziko. Koma mankhwala amene anawaganiza ndi oipa kuposa matenda. Akaikamo zolakwa dala, ataya mamalikisi enieni pothawa mlandu umene mwina sukanabwera. Coopsa koposa ndi ici: pali mapulogalamu amene amalonjeza kusintha nkhani kuti "imveke ya munthu". Wophunzira wosalakwa akaika nkhani yace m'menemo, wapalamula tsopano mlandu weni-weni, pakuti mau amene apereka salinso ace. Msampha wina, umene ife olankhula Cinyanja tingagwemo mosadziwa, ndi kulemba ndime m'cilankhulo cathu ndi kuiika m'pulogalamu yomasulira. Ganizo ndi lako, inde, koma Cizunguco n'ca makina, ndipo masukulu ambiri amaletsa zimenezi. Ngakhale mapulogalamu okonza galamala ali ndi mbali ziwiri: kukonza sipelo n'kwina, kulembanso ciganizo conse n'kwinanso. Lamulo limasiyana sukulu ndi sukulu, nthawi zina phunziro ndi phunziro, motero afunse mphunzitsi polemba kalata, yankho n'kulisunga.

Cimene ndinamuuza n'cakuti asasinthe kalembedwe, koma asunge mapazi a ulendo wace. Tinaona pamodzi zimene anali nazo. Nkhani ija anailemba masiku 12 m'pulogalamu ya Google Docs. M'menemo, akapita pa File, kenako Version history, kenako See version history, amaona mndandanda wa masiku ndi maola amene anagwirapo nchito. Tinapeza kuti tsiku laciwiri panali mitu cabe, tsiku lacisanu mau ngati 700, ndipo tsiku lacisanu ndi cinai anafafaniza ndime yonse yonena za katemera nailembanso mwa njira ina. Umu ndi m'mene munthu amalembera: kupita patsogolo, kubwerera, kufafaniza. Wokopera ku makina mbiri yace imaonetsa tsamba lopanda kanthu, ndiyeno mau 2,000 atagwa nthawi imodzi ngati matalala. Pulogalamu ya Word nayonso imasunga mbiri yotere, koma pokhapo ngati failo isungidwa pa OneDrive kapena SharePoint. Cenjezo lace ndi ili: amene amalembera kwina, monga pa foni, n'kudzamata zonse pamodzi pothera, mbiri yace idzamuneneza ngakhale ali wosalakwa.

Umboni wina unali m'cikwama cace, ndipo iye anali kucita nao manyazi. Ndi kabuku kamene amalembamo pamanja akamawerenga, theka Cizungu theka Cinyanja, ndi manambala a masamba m'mbali. Pa tsamba lina analemba kuti "uyu atsutsana ndi uja wa dzulo, onanso tebulo 3". Ndinamuuza kuti kabuku kameneko asakataye. Kamaonetsa kuti anawerengadi mabuku amene anawachula, pamene nkhani za makina kawiri-kawiri zimagwidwa cifukwa ca kuchula mabuku amene kulibe kapena kuika mau m'kamwa mwa wolemba amene sananene.

Nanga kalata yomuitana ikabwera? Asayankhe ali wokwiya, ndipo asabvomere cimene sanacite pofuna kuti nkhani ithe msanga. Apa mwambo wathu ungatipweteke. Tinaleredwa kuti wamkulu akakudzudzula uweramitse mutu ndi kunena kuti pepani, koma komiti ingalembe "pepani" ameneyo ngati kubvomera mlandu. Apemphe kuona umboni wonse tsiku lisanafike, ndi ziganizo zeni-zeni zimene zaikidwa cizindikiro. Apite ku ofesi ya uphungu ya bungwe la ophunzira, kumene amathandiza kwaulere ndipo kawiri-kawiri amaperekeza munthu ku msonkhano. Apereke mbiri ya failo, kabuku kaja ndi nkhani zace zakale zoonetsa kuti ndi m'mene amalembera masiku onse. Ndipo adzipereke kufunsidwa pakamwa za nkhaniyo: cifukwa cimene anasankhira buku ili, tanthauzo la liu ilo. Wolemba yekha amayankha, ngakhale mwacibwibwi.

Udindo woonetsa kuti cinyengo cinacitika uli pa yunivesite, osati pa wophunzira kuonetsa kuti ndi woyera. Ku England ndi Wales, apilo ya m'kati ikalephera, sukulu imapereka kalata yonena kuti njira zace zonse zatha, ndipo kucokera pamenepo wophunzira ali ndi miyezi 12 yokadandaula kwaulere ku ofesi yoima payokha yochedwa Office of the Independent Adjudicator.

Maganizo anga ndi akuti yunivesite imene imalandira ndalama zoculuka kwa wophunzira wakunja, itamuyesa Cizungu n'kumubvomereza, siyenera kumuweruza ndi nambala imene ngakhale opanga ace amati siikwanira payokha. Cinyengo ciripo, sitikana, ndipo ana athu ena amacicita. Koma kucigwira kumafuna mphunzitsi wokhala pansi ndi wophunzira kwa mphindi 20, ndipo nthawi imeneyo ndiyo imene masukulu odzaza safuna kulipira.

Mwana wa mlongo wanga anapereka nkhani ija m'mene inaliri, osasintha liu. Anajambula masamba a kabuku kace ndi foni, nasunga zithunzizo pamodzi ndi failo. Zotsatira ati zidzatuluka pakatha milungu itatu.