Sikana ikakana kuwerenga, tisathamangire kuoda ina ku Joni

Amalonda anzathu ndi inu madalaivala, pali chizolowezi chimene chikutidyera ndalama. Sikana ya patilu ikangosiya kuwerenga katundu, timaiponya m'katoni n'kutuma dalaivala kuti atibweretsere ina kuchokera ku Joni. Ife tikuti kuchita zimenezi n'kupupuluma. Sikana imanena yokha pamene pali vuto, bola tiyang'ane kuwala kwake ndi kumvetsera kulira kwake.

Ife zinatichitikira m'shopu yathu ya ku Mwanza boda. Sikana inkawala, inkalira "tii" bwinobwino, koma pakompyuta sipankabwera kanthu. Tinagulitsa masiku atatu tikulemba manambala pamanja. Bakodi ya katundu wambiri imakhala ndi manambala 13, ndipo pamzere pakakhala anthu, munthu amatopa n'kuyamba kusankha katundu ndi dzina. Mafuta ophikira a malita awiri anatuluka kangapo pamtengo wa botolo laling'ono. Powerengera sitoko, tinatsala pang'ono kunamizira kuba mtsikana wathu wapatilu, amene sanalakwe chilichonse.

Vuto linali laling'ono. Tsiku lina mnyamata wina ankayesera sikanayo pa kabuku kamene inabwera nako. Mabakodi a m'kabukuko si a katundu ayi, ndi malamulo osinthira kagwiridwe ka sikana. Iye anaisintha mosadziwa kuchoka pa `USB HID Keyboard` kupita pa `USB COM`. Pa njira yoyambayo sikana imakhala ngati kiyibodi, imalemba manambala pamene pali kakasa. Pa yachiwiriyo imatumiza manambala kukhomo limene pulogalamu yathu sinkamvetsera. Titasikana bakodi yolondola m'kabukumo, zonse zinabwerera.

Ndiye ikalira koma osalemba, tsegulani `Notepad`, dinani m'katimo, kenako sikanani sopo kapena shuga. Manambala akabwera, sikana ndi chingwe zili bwino, vuto lili mu pulogalamu ya patilu kapena kakasa kanali pena. Akapanda kubwera, bwererani ku kabuku. Sikana zopanda chingwe zina zimakhalanso ndi `Storage` kapena `Inventory Mode`, pamene zimasunga manambala m'kati mwake osatumiza. Mukasankha `Factory Default` dziwani kuti zina zimaiwala kudina `Enter` ikatha kuwerenga, ndiye manambala amangoima pasikirini mpaka mutaibwezera lamulo limenelo.

Ikawala koma osalira, yambani ndi kagalasi kakutsogolo. M'mashopu mwathu mumakhala fumbi la ufa, mafuta a m'manja ndi fumbi la mathiraki odutsa pamsewu. Zimenezi zikamatirira, kuwala kobwerera kuchokera pabakodi kumasokonezeka. Zulani sikana, nyowetsani pang'ono kansalu kofewa ndi madzi, pukutani, kenako umitsani. Osathira madzi pagalasi penipeni, ndiponso osagwiritsa ntchito palafini, thinala kapena nyuzi, chifukwa kagalasi kambiri n'kapulasitiki ndipo kakakalika sikabwerera. Yesaninso pa katundu wosiyanasiyana. Ikakana paketi imodzi yokha, vuto ndi bakodi yokwinyika kapena yofufutika paulendo. Ndipo sikana ya leza ya kamzere kamodzi siwerenga makodi ambali zinayi aja kapena a pafoni, imeneyo sinafe, sinapangidwire zimenezo.

Ikapanda kuwala n'komwe, onani kaye ngati imadikira kuti mukanikize batani, chifukwa mwina inachotsedwa pa njira yowerenga yokha. Ikakhalabe chete, ganizirani chingwe. Chimathothoka m'kati pafupi ndi chigwiriro, pamene chimapindika tsiku lonse. Gwedezani pamenepo: sikana ikamayaka n'kuzima, mwapeza vuto. Yesaninso khomo lina la pakompyuta. Pa sikana zambiri chingwe chimazuka mukalowetsa kawaya m'kabowo ka pachigwiriro, choncho chimasinthika pachokha.

Ena anena kuti sikana zina n'zotchipa, bwanji kutaya nthawi? Zoona, kagalasi kakang'aluka kapena sikana ikakana ngakhale pa chingwe chabwino, gulani ina. Koma yatsopano imatenga masiku kuti idutse Beitbridge ndi Nyamapanda, ndipo masiku onsewo mukulemba pamanja. Komanso ngati vuto lili mu pulogalamu kapena khomo la kompyuta, yatsopanoyo idzakananso.

Inu madalaivala, munthu akakutumani chingwe, mufunseni chithunzi cha chizindikiro cha pansi pa sikana chimene chili ndi dzina ndi nambala yake. Mapulagi a kuchigwiriro amaoneka ofanana, koma mawaya a m'kati amasiyana malinga ndi kampani, ndiye chingwe chimatha kulowa bwino koma osagwira ntchito. Enafe, kabuku kaja tikajambule ndi foni, kenako tikatsekere m'dirowa kutali ndi tilu.