Mlamu anga anasaina mawu awiri, anawerenga amodzi

Mlamu anga ndi mnzawo anatsegula kampani yogula nanazi kwa alimi kuno ku Mulanje n'kumakagulitsa ku Blantyre. Atafuna lole, banki ina inabwereketsa kampaniyo K20 miliyoni, koma inati madailekitala onse awiri asaine pepala lina m'dzina lawo. Pamwamba pake panalembedwa m'Chingelezi kuti galanti ndi indemuniti. Iwo ankaona ngati ndi mawu amodzi olembedwa kawiri, monga achitira maloya.

Kampani ndi munthu payokha pamalamulo, choncho ngongole yake si ya dailekitala. Banki imadziwa zimenezi, n'chifukwa chake imafuna siginecha yachiwiriyo.

Galanti ndi kunena kuti, "Kampani ikalephera kubweza, ndibweza ndine." Mwaima kumbuyo kwa wangongole, ndipo udindo wanu ukutsamira pa wake. Ngati ngongoleyo ilibe mphamvu pamalamulo, inunso mwamasuka. Indemuniti ndi kunena kuti, "Zivute zitani, simuluza, ndilipira ndine." Apa mwasenza lonjezo lanulanu. Ngakhale pangano la banki ndi kampani litapezeka lolakwika, inu mukadali omangika.

Pamene kusiyanaku kumaluma ndi pomwe pangano lasinthidwa. Makhoti athu amatsatira kwambiri malamulo a ku Mangalande, ndipo kumeneko kuli mlandu wa 1878 wa Holme ndi Brunskill. Munthu anaimira mlimi wochita lendi famu kuti adzabweza nkhosa 700 zili bwino. Kenako mwini famu ndi mlimiyo anagwirizana okha kuchotsako munda umodzi n'kutsitsa lendi. Khoti linati woimira uja wamasuka, poti zomwe anaimira zinasinthidwa iye osafunsidwa. Wosaina indemuniti sangadalire chitetezo chimenechi.

Ndi zomwe zinawagwera alamu. Anatula pansi udailekitala, mnzawo uja n'kukawonjezera K8 miliyoni, kubanki n'kutalikitsanso nthawi yobweza. Lole itafera pa Chitakale, kalata inabwera kwa iwo. Tinapita limodzi kwa loya tili ndi chikhulupiriro, ine n'kumati, "Alamu, musadandaule, simunavomereze zimenezo." Loyayo anangoloza ndime zitatu: ina yoti iwo adzatengedwa ngati wangongole weniweni, ina yoti akuimira ndalama zonse zomwe kampani idzakongole, ina yoti banki ingasinthe pangano osawafunsa. Kutula udindo sikunafute chilichonse. Ankafunika kulembera banki kalata yothetsa galantiyo pa ngongole zam'tsogolo, monga pepalalo linkalolera.

Ine sindikuti musasaine, pena popanda pepalalo ngongole kulibe. Koma litengereni kunyumba. Fufuzani ndime zitatu zija, pemphani kuti alembe malire a ndalama m'manambala, ndiponso kuti likhale la ngongole imodzi yokhayo. Banki ikhoza kukana, komabe alamu sanafunse n'komwe. Panopa akukambirana zobweza pang'onopang'ono, kuti nyumba yawo ya ku Chisitu isapite.