MAFUNSO A KHALIDWE POFUNA NTCHITO: OSADZIPAKA UTOTO

Uthengawu ndi wautali, khalani pansi pa thandala muwerenge bwinobwino.

Sabata yatha mphwanga wina wa ku Msaka anandiimbira usiku. Akuti: "Achimwene, ndaitanidwa ku intavyu, koma ayamba anditumizira mafunso pa foni. Si masamu, si Chingerezi, akungofunsa za ine. Ndiyankhe chiyani kuti andikonde?" Ndinamuuza kuti ayankhe zoona. Iye anaseka, nati zoona sizigula ufa. Ndiye ndati ndilembe pano, chifukwa ambirife tikuganiza ngati iyeyo.

Choyamba tidziwe chinthucho. Amakupatsa ziganizo zambirimbiri, monga chonena kuti umakonda kucheza ndi anthu achilendo, kapena chakuti umamaliza ntchito yomwe wayamba. Iwe umasankha kuyambira pa 1 kufika pa 5. Pa foni muona kuti mbali ina palembedwa Strongly disagree, kutanthauza kukanitsitsa, mbali inayo Strongly agree, kuvomera ndi mtima wonse. Kayankhidwe aka anakayambitsa ndi Rensis Likert wa ku Amereka mu 1932. Mafunso ambiri otere amayeza mbali zisanu za munthu: kukonda zinthu zatsopano, kusamala ndi dongosolo pa ntchito, kumasuka pa gulu, kugwirizana ndi anzako, ndi kudekha zinthu zikavuta. Funso limodzi palokha silinena zambiri. Amaphatikiza mafunso angapo a mbali imodzi n'kuona pomwe waima.

Tsono wonama amakodwa bwanji? Msampha woyamba ndi funso lotembenuza. Tiyerekeze kuti funso la nambala 7 likuti umasangalala pakati pa anthu ambiri. Iwe ukufuna kuoneka womasuka, waika 5. Kutsogolo uko, pa nambala 43, pakubwera lina lakuti umakonda kugwira ntchito wekha mwakachetechete. Ukuganiza kuti bwana amakonda munthu wodzidalira, waikanso 5. Koma mafunso awiriwa akuyeza chinthu chimodzi, lachiwirilo analitembenuza dala. Powerengera amachotsa yankho lako pa 6, ndiye 5 wako uja amasanduka 1. Pa nkhani imodzimodziyo wanena 5 ndi 1. Kusemphana kamodzi si mlandu, tonse timasemphana. Koma zikachuluka, mayeso ena amaonetsa kuti mayankho ako sakugwirizana, ndipo wowerengayo amayamba kukayikira pepala lonse. Wonena zoona sasowa kukumbukira zomwe anayankha kumbuyo. Wonama ndiye amatuluka thukuta.

Msampha wachiwiri ndi mafunso a mngelo. Awa ndi aja onena kuti sunanamepo chibadwire, sunapsepo mtima, sunanenepo mnzako kumbali. Aise, ndani pa gombe pano amene sanakalipepo ukonde utakodwa pa mwala? Akatswiri awiri, Crowne ndi Marlowe, anatulutsa mu 1960 mafunso 33 oyezera chizolowezi chomwechi chofuna kuoneka wabwino kuposa mmene ulili, ndipo mayeso ambiri a ntchito ali ndi mafunso a mtundu umenewu. Ukavomera onse kuti ndiwe woyera ngati thonje, sakuona munthu wabwino, akuona munthu amene akudzikometsera.

Ena anasinthanso kafunsidwe. Amaika ziganizo ziwiri kapena kuposerapo, zonse zabwino, n'kunena kuti usankhe chokuyenera kwambiri: kodi umasunga nthawi, kapena umathandiza anzako? Apa palibe yankho lonyansa loti ulithawe. Chomwe chatsala ndi kunena za iwe basi.

Ndikudziwa zomwe mukunena mumtima: "Komatu ena amanama n'kulembedwa ntchito." Eee, zimatheka. Munthu wochenjera akhoza kukweza malikisi ake, ndipo misamphayi siigwira aliyense. Ine ndemwe ndinadutsa choncho. Mverani zomwe zinandichitikira.

Zaka zingapo zapitazo bungwe lina lobwereketsa ndalama linkafuna anyamata oyenda m'midzi kutolera ngongole. Ine ndine munthu wofatsa, wokonda kaundula ndi manambala, mkangano ndimauthawa. Koma pa fomu ndinadzijambula ngati mkango. Kulankhula ndi anthu achilendo tsiku lonse, 5. Kuumirira munthu wokana, 5. Kusatekeseka munthu akakukalipira, 5. Anandilemba, kunyumba kunali nthungululu. Mwezi woyamba anandituma kwa mayi wina wogulitsa usipa amene anali atalephera kubweza chifukwa mwera unawomba masiku ambiri, maboti osalowa m'madzi. Mayiyo anayamba kulira, ine ndinangokhala pa mkeka kusowa chonena, n'kubwerera chimanjamanja. Kunali kotere sabata ndi sabata. Usiku tulo osabwera, m'mawa m'mimba kuwawa ndikangoona njinga ya ku ntchito. Miyezi itatu yoyeserera itatha, anandiuza mwaulemu kuti sapitiriza nane. Bungwelo silinandilakwire. Linalemba munthu amene anali pa fomu, koma ku ntchito kunkapita ine.

Chondipweteka mpaka lero n'chakuti pa nthawi yomweyo ankafunanso kalaliki wa mu ofesi, wolemba zolowa ndi zotuluka. Sindikunena kuti akanandipatsa, koma imeneyo ndiye inali ntchito yanga, ndipo fomu yanga yabodza inkanena kuti sindingakhazikike pa mpando.

Ife a kunyanja izi timazidziwa kale. Pa chilimira, siginala amakhala yekha m'bwato ndi nyali, maso pamadzi, kudikira usipa usonkhane. Okoka ukonde amafunika mphamvu ndi kumvana. Mnyamata wopupuluma akanamiza mwini zida kuti ndi wodekha n'kupatsidwa nyali, amaitana anzake nthawi isanakwane, mafuta apita, gulu lonse libwerera opanda ndiwo. Palibe khalidwe lopambana pa ntchito zonse. Kumasuka kumathandiza wogulitsa malonda, koma wosunga katundu m'sitolo ya loji amafunika kwambiri kusamala.

Pali china chimene ambiri sadziwa. Nthawi zina mayankho aja amakutsata mu intavyu. Ukalemba kuti umakonda kutsogolera, akhoza kukufunsa kuti tatiuzani tsiku lomwe munatsogolera anthu zinthu zitavuta. Amene anayendetsapo chipereganyu kapena timu ya mpira ali ndi nkhani yokamba. Wopeka amangoti kakasi.

Komano kunena zoona si kudzinyoza ayi. Enafe tinaleredwa kuti kudzitama n'kulakwa, ndiye timangoika 3 paliponse. Limenelonso ndi bodza, ndipo pepala lotere silikuonetsa konse. Ngati kuyambira uli mwana umadzuka mbandakucha osadzutsidwa, ika 5 pa kusunga nthawi, wopanda manyazi. Poyankha ganizira mmene umakhalira masiku ambiri ukakhala pa ntchito, kaya ndi pa ganyu, ku sukulu kapena pa boti, osati mmene unalili tsiku la ukwati kapena la maliro. Ndipo samala ndi Chingerezi. Mawu ngati seldom ndi rarely amatanthauza kuti mwa apo ndi apo, ndiye ukawadumpha uyankha chotsutsana ndi zomwe umafuna kunena. Werenga chiganizo chonse, ngati sunamve funsa amene akuyang'anira.

Mphwanga uja ndinamaliza naye motere: zoona zikhoza kukuphonyetsa ntchito ina, sindikubisira. Koma ntchito yomwe waipeza ndi nkhope yobwereka uyenera kuigwira ndi nkhope yomweyo tsiku ndi tsiku, ndipo ine inanditopetsa pa miyezi itatu yokha.

Tumizirani mnzanu amene akudikira intavyu. Zabwino zonse, tionana ku gombe.