Za M'thumba Mwathu: Makina a Kunja Akakufunsani, Sankhani Ndalama za Dziko Limene Mwaimamo

M'kope lino tikambe za makina aja a pakhoma la banki amene amatulutsa ndalama munthu akalowetsa khadi. Kuno kwathu tinawazolowera, koma munthu akawoloka malire makina omwewo amayamba kufunsa funso lachilendo, ndipo yankho lake likhoza kumudyera ndalama iye osadziwa.

Nkhaniyi yatifikira pakhomo. Mphwathu amene amagwira ntchito ku Leicester, ku Mangalande, anabwera ku ukwati wa mlongo wake ku Mangochi. Podzera ku Joni anaima masiku angapo kuti agule nsalu ndi ziwiya za mkwatibwi, ndipo ankatapa marandi pamakina ndi khadi lake la banki ya ku Mangalande, mmene muli mapaundi. Atafika, usiku wina anatulutsa malisiti nati, "Amalume, taonani apa. Ndalama ndatapa zofanana kawiri konse, koma banki yadula zosiyana." Tinayala timapepalato pamkeka n'kuyamba kuwerengera. Ziwerengero zili m'munsizi tazifewetsa kuti zitsatike bwino, pakuti mitengo yosinthira imasuntha tsiku ndi tsiku.

Choyamba n'chakuti munthu akatapa ndalama kunja, mabanki amene amadyapo ndi awiri. Yoyamba ndi banki imene ili mwini makinawo. Iyo imati, "Iwe si kasitomala wathu," ndipo imaika malipiro ake pamwamba pa ndalama zimene mwapempha. Malipirowa amalembedwa pagalasi la makina ndalama zisanatuluke, ndipo mukakana, khadi lanu limabwerera osadulidwa kanthu. Yachiwiri ndi banki yanu imene inakupatsani khadi. Iyi siyankhula pamakinapo ayi. Imadula mwakachetechete, kawirikawiri gawo lina pa 100 iliyonse chifukwa chosintha ndalama, ndipo mabanki ena amawonjezanso kandalama kokhazikika pa ulendo uliwonse wotapa. Zimenezi mumaziona pambuyo pake pa sitetimenti.

Tsono funso lija limabwera motere. Makina akazindikira kuti khadi ndi lakunja, amakusonyezani ndalamazo m'ndalama za kwanu, nafunsa ngati mukufuna kuti iwo akusinthireni pompo. Batani lina limalembedwa "Accept conversion" kapena "With conversion", lina "Decline conversion" kapena "Continue without conversion". Munthu ali kuchilendo, pambuyo pake pali mzere wa anthu, ndiye akaona ndalama zimene amazidziwa mtima umakhala pansi n'kuvomera. Apo ndi pamene pali msampha.

Tsiku loyamba mphwathuyo anapempha marandi 2,300. Makina anawonjezapo marandi 46, zonse pamodzi 2,346. Iye anakana kusinthiridwa, kotero ngongoleyo inapita ku banki yake ili m'marandi. Kampani ya khadi, imene imakhala Visa kapena Mastercard, inasintha pa mtengo wapafupi ndi wa pamsika waukulu, marandi 23 pa paundi imodzi. Zinakwana mapaundi 102. Banki yake inadulapo 3 pa 100, ndiye zonse zinafika mapaundi 105 ndi mapeni 6.

Tsiku lachiwiri anapempha ndalama zomwezo, koma anavomera kuti makina amusinthire. Makinawo anaika mtengo wawo wa marandi 21.50 pa paundi. Kusiyana kwa randi imodzi ndi theka kumaoneka kochepa, koma marandi 2,346 pa mtengo umenewo ndi mapaundi 109 ndi mapeni 12. Banki yake sinadulepo 3 pa 100 ija popeza ngongole inafika ili kale m'mapaundi, komabe iye analipira mapaundi 4 owonjezera, amene ndi marandi oposa 90, pa ndalama zofanana ndendende zimene anagwira m'manja. Akadatero kasanu, marandi oposa 450 akadapita osagula ngakhale supuni. Ndipo dziwani kuti pali mabanki ena amene amadulabe malipiro awo otapira kunja ngakhale makina asinthe kale, ndiye munthu amamenyedwa mbali zonse ziwiri.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mukavomera, amene amasankha mtengo wosinthira ndi mwini makina pamodzi ndi kampani imene imamuchitira ntchitoyo, ndipo phindu lawo amalibisa m'kati mwa mtengowo. Alibe wopikisana naye, chifukwa inu mwaima kale pamakina awo. Makina ena amakopa ndi mawu akuti mtengo wawo ndi wotsimikizika, pamene wa banki yanu sukudziwika. Kutsimikizika n'zoona, koma n'kutsimikizika kwa mtengo wokwera. Malamulo a Visa ndi Mastercard amafuna kuti kasitomala apatsidwe ufulu wosankha ndiponso kuti mtengo wosinthira uoneke pagalasi. Choncho musathamange. Pamakina ambiri pamalembedwanso mawu akuti "mark-up" ndi nambala pambali pake. Nambala imeneyo ikaposa imene banki yanu imadula, monga zimakhalira nthawi zambiri, kanani. Makina ena amafunsa kachiwiri ngati mwatsimikiza, mukanenso.

Mungadziwe bwanji kuti mwagwa m'mbunamo? Lisiti limanena. Likasonyeza marandi okha, ndiye kuti asintha ndi a kampani ya khadi. Likasonyeza ndalama za kwanu pamodzi ndi mtengo wosinthira, ndiye kuti asintha ndi makina. Ngati munavomera nokha, kubweza n'kovuta. Koma ngati makina anasintha osakufunsani, sungani lisitilo mukadandaule ku banki yanu, osati kwa mwini makina.

Palinso phunziro lina pa marandi 46 aja. Malipiro a mtundu umenewu nthawi zambiri sasintha, kaya mutape zambiri kaya zochepa. Pa marandi 2,300 ndi 2 pa 100 basi, koma pa marandi 460 ndi 10 pa 100. Munthu wotapa 460 kasanu walipira marandi 230, pamene mnzake wotapa kamodzi walipira 46. N'chifukwa chake ndi bwino kutapa maulendo ochepa, koma osapitirira zimene mungayende nazo mosaopa akuba.

Nanga ife amene makhadi athu ndi a kwacha? Tisananyamuke tipite ku banki yathu tikafunse mafunso atatu: kodi khadili n'lotsegulidwa kugwira ntchito kunja, kodi malire ake ndi ndalama zingati, ndipo amadula zingati pa ulendo uliwonse wotapa. Ndalama zakunja n'zovuta m'dziko muno, kotero si nzeru kungoganiza kuti khadi likagwira ntchito. Tifunsenso ngati khadilo ndi lotapira ndalama zathu zomwe kapena ndi langongole, pakuti khadi langongole likatulutsa ndalama pamakina, chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo, ndipo ife tikudziwa kulemera kwa nkhani ya riba.

Lamulo loti tisunge ndi limodzi. Ku Joni tisankhe marandi, ku Dar es Salaam mashilingi, ku Makka mariyali. Funso lomweli limabweranso pa kamakina ka m'sitolo ndi ku hotela, ndipo yankho ndi lomwelo. Mphwathu uja anabwerera atalemba mawu akuti "Decline conversion" pakapepala n'kukaika m'chikwama pamodzi ndi khadi lake. Ngati muli ndi mwana kapena m'bale amene akukonzekera ulendo, mumuwerengere nkhaniyi asanakwere basi.