Ndemanga: Nambala ya pa botolo ndi kope la kufakitale

Mu Epulo 2024 bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku Nigeria, la NAFDAC, linalengeza kuti lapeza poizoni wotchedwa diethylene glycol m'mankhwala a chifuwa a ana a Benylin Paediatric. Nkhaniyi inadzetsa mantha chifukwa poizoni wa mtundu womwewu, m'mankhwala ena ochokera ku India, anali atapha ana pafupifupi 70 ku Gambia mu 2022. Koma bungwelo silinauze makolo kuti ataye mankhwala onse a chifuwa. Linatchula nambala imodzi, 329304, ya bachi yomwe inapangidwa ku South Africa mu Meyi 2021. Bungwe la SAHPRA la ku South Africa linawonjezerapo bachi 329303, ndipo linatha kunena komwe mabotolowo anapita: Eswatini, Rwanda, Kenya, Tanzania, Nigeria ndi South Africa momwemo. Patapita nthawi, a SAHPRA ananena kuti atayeza okha sanapeze poizoniyo. Chomwe tikufuna mumve pankhaniyi ndi chakuti wogulitsa mankhwala wa ku Nairobi kapena ku Kigali ankangotembenuza botolo, n'kuwerenga manambala asanu ndi limodzi, n'kudziwa ngati alichotse pashelefu kapena ayi.

Bachi ndi katundu yense amene wapangidwa pa nthawi imodzi, ndi zipangizo zimodzi, pa makina amodzi, monga ndiwo za mumphika umodzi: zikawawa mchere, zawawa m'mbale zonse zomwe mwapakulira. Nambala yake mumaipeza pa chivindikiro kapena pansi pa botolo, pafupi ndi tsiku lothera mphamvu, nthawi zambiri kutsogolo kwake kuli zilembo BN kapena LOT. Kudinda nambalayo n'kosavuta, ndipo mafakitale ang'onoang'ono ambiri kuno kwathu amadinda. Ntchito yeniyeni ili m'kope la kufakitale, lomwe liyenera kuyankha mafunso awiri nambalayo ikatchulidwa: zomwe zili m'botolomu zinachokera kwa yani, ndipo mabotolo anzake anapita kwa yani? M'mayiko a ku Ulaya, lamulo la chakudya la mu 2002 limakakamiza aliyense wochita malonda a chakudya kudziwa amene anamugulitsa ndi amene iye wamugulitsa.

Tiyeni tiione nkhaniyi pa chinthu chomwe tonse timachidziwa, chiponde. Mdani wa mtedza ndi chuku, chomwe chimatulutsa poizoni wa aflatokisini mtedza ukasungidwa usanaume bwino, kapenanso ukathiridwa madzi kuti makoko afewe posenda. Poizoniyu amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Chovuta china n'chakuti safalikira mofanana m'thumba. Njere zochepa chabe zingakhale ndi poizoni wambiri pomwe zinzake zili bwinobwino, koma zikalowa m'chigayo cha chiponde zimasakanikirana ndi zonse. Mu Febuluwale 2024 masitolo angapo a ku South Africa, kuphatikizapo Pick n Pay, anachotsa mitundu ina ya chiponde m'mashelefu pa chifukwa chomwechi.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi kafakitale ka chiponde ku Lilongwe. Lolemba wagula matumba 20 a mtedza wosenda, a makilogalamu 50 lililonse, kwa venda wa ku Mchinji. Amenewo ndi makilogalamu 1,000. Polandira, amalemba m'kope dzina la vendayo, tsiku ndi kulemera kwake, kenako n'kulemba nambala imodzi pa thumba lililonse ndi inki yosafufutika. Matumba amenewa amaunjikidwa paokha, osakhudzana ndi a ku Kasungu omwe anabwera sabata yatha. Atasankha, kukazinga ndi kupeta, makilogalamu 150 apita, atsala 850. Lachiwiri amagaya, ndipo chiponde chonsecho chiyenera kudzaza mabotolo 1,700 a magalamu 500. Mabotolowo amadindidwa nambala ya tsikulo, ndipo m'kope nambalayo imalembedwa moyang'anizana ndi nambala ya matumba aja, pamodzi ndi ya mchere ndi shuga zomwe anathira.

Papita milungu isanu ndi umodzi. A Malawi Bureau of Standards atenga botolo m'sitolo, aliyeza, ndipo apeza kuti aflatokisini wapitirira muyezo. Amuimbira mayiyo n'kumuwerengera nambala. Iye atsegula kope lotumizira katundu n'kupeza kuti mabotolo 600 anapita kusitolo yaikulu ya mumzinda momwemo, 500 kwa wa holoselo ku Limbe, 400 ku Mzuzu, ndipo 150 adakali m'nyumba yosungira katundu. Tiwonkhetse. Onse pamodzi ndi 1,650. Mabotolo 50 sakuoneka, omwe ndi makilogalamu 25 a chiponde.

Apa ndi pamene ambiri amanena kuti, aa, n'zochepa izi, mwina zinamatirira m'makina. Koma makilogalamu 25 ndi ndowa yathunthu. Akafunsa mnyamata wa pachigayo, iye akumbukira kuti Lachiwiri lija magetsi anazima madzulo, chiponde chotsala anachisiya m'ndowa, ndipo m'mawa mwake anachithira m'chigayo poyamba kugaya mtedza wa ku Kasungu. Mnyamatayo sanabe kanthu, anangokana kutaya chakudya, ndipo ambirife tikanachita zomwezo. Koma tsopano bachi ya Lachitatu nayonso yalowa m'mlanduwu, ngakhale mtedza wake unali wabwino ndipo nambala yake ndi ina. Ndipo ngati chimenechi ndi chizolowezi cha tsiku ndi tsiku, chotsala cha Lachitatu chinalowa Lachinayi, cha Lachinayi chinalowa Lachisanu. Palibe angaloze kuti poizoniyo anathera apa, kufikira tsiku lomwe anamasula chigayo n'kuchitsuka chonse. N'chifukwa chake tsiku lotsuka makina liyenera kulembedwa m'kope lomwelo. Ndilo malire enieni a bachi, kuposa deti yomwe yadindidwa pa chivindikiro.

Tabwererani nafe pa matumba aja. Mayiyu akanaunjika mtedza wa ku Mchinji, wa ku Kasungu ndi wa ku Dowa pa mulu umodzi, monga zimachitikira nthawi zambiri malo akachepa, sakanadziwa venda amene anamubweretsera chuku. Akanayenera kubweza chiponde chonse chochokera pa muluwo, mwina cha miyezi iwiri, m'malo mwa cha masiku awiri. Pamenepa pali posankha. Mabachi ang'onoang'ono amachulukitsa zolembalemba, ndipo kuyezetsa lililonse kulabotale kumadya ndalama. Bachi imodzi yaikulu ndi yotchipa mpaka tsiku lomwe iyenera kubwezedwa yonse. Ife tikuona kuti kwa wopanga chiponde wamng'ono, kulekanitsa mtedza malinga ndi amene wamugulitsa, ndi kutseka bachi tsiku lililonse lotsuka makina, n'kokwanira ndipo n'kotheka. Sizilira kompyuta. Kope lachikuto cholimba ndi munthu mmodzi wosatopa kulemba zikhoza kugwira ntchitoyi.

Pali funso lina lomwe kope liyenera kuyankha: kodi venda wa ku Mchinji uja anagulitsanso kwa yani? Ku America mu 2009, kampani ya Peanut Corporation of America inkagulitsa phala la mtedza lokhala ndi tizilombo ta salimonela kwa opanga mabisiketi, maswiti ndi ayisikilimu. Anthu 9 anamwalira, oposa 700 anadwala, ndipo mitundu ya zakudya yoposa 3,000 inabwezedwa. Kubwezako kunatenga miyezi, chifukwa makampani ena ankagula kudzera mwa anzawo ndipo anachedwa kuzindikira kuti m'katundu wawo muli mtedza wa kufakitale imeneyo.

Nanga mabotolo ali kunja aja? Ku sitolo yaikulu n'kosavuta. Foni imodzi yokwana, mabotolo achotsedwa pashelefu tsiku lomwelo, ndipo akuuzani kuti pa 600 aja atsala angati. Ku Limbe ndiye kuli ntchito. Wa holoselo amagulitsa kwa eni magolosale ndi maokala ochokera ku Thyolo, ku Chiradzulu, ku Mulanje, olipira pompopompo, ndipo lisiti lake limangonena kuti chiponde makatoni awiri. Dzina la wogula palibe, nambala ya bachi palibe. Ena mwa ogulawo amatsegula botolo n'kumagulitsa ndi supuni, kupaka pa buledi kapena kumanga m'timapepala tapulasitiki, ndipo nambala imapita kudzala limodzi ndi botolo. Zofanana ndi zimenezi zimachitika mapiritsi akachotsedwa m'chitini n'kuikidwa m'kaenivelopu kolembedwa kamwedwe kokha. Pamenepa kope latha mphamvu, chatsala ndi wailesi. Ndipo chilengezo cha pa wailesi chiyenera kutchula dzina la chiponde, kukula kwa botolo, nambala ya bachi, pamene nambalayo yalembedwa, ndi komwe munthu angabweze botolo n'kulandira ndalama yake. Chilengezo chongoti chiponde china chapezeka ndi vuto chimaphetsa malonda a onse, ndipo botolo loipalo limatsalabe pa tebulo.

Zonsezi munthu angaziyese tsoka lisanagwe. Mafakitale otumiza zakudya kunja amachita zoyeserera: bwana amatola botolo lililonse m'nyumba yosungira katundu, n'kuuza antchito kuti apeze komwe zipangizo zake zinachokera, komwe anzake anapita, ndi kuwonkhetsa kulemera kwake mpaka masamu agwirizane. Muyezo wa BRCGS, womwe masitolo ambiri a ku Britain amafuna kwa owagulitsa zakudya, umayembekezera kuti zimenezi zitheke m'maola anayi. Pa kuyeserera kotereku ndi pomwe ndowa ija imatulukira poyera. Ndi pomwenso mumazindikira kuti inki ya pa chivindikiro imafufutika ikakhudzana ndi mafuta, kuti nambala ya foni ya kasitomala wa ku Mzuzu inasiya kugwira ntchito, kapena kuti kope lili m'kabati yomwe kiyi wake ali ndi munthu amene wapita kumaliro kumudzi.

Mabotolo akabwerera, amawerengedwanso, n'kutsekeredwa paokha ndi chizindikiro choonekeratu, kuti wina asawakweze m'galimoto molakwitsa. Pa 500 a ku Limbe mwina abwerako 180 okha, ndipo chiwerengero chimenecho chilembedwe momwe chilili, chifukwa ndicho chikuuza a zaumoyo kuti mabotolo 320 adyedwa kapena adakali m'makomo mwa anthu. Chiyeso chomaliza chimabwera pamenepa. Chiponde chochuluka chonchi n'chuma, ndipo sipalephera kupezeka woti achigule motchipa kuti akasakanize m'chakudya cha ziweto. Koma ng'ombe ikadya aflatokisini, gawo lina limatulukira mumkaka womwe ana amamwa. Chiponde chimenecho chiyenera kuwonongedwa pamaso pa akuluakulu a boma, ndipo kulemera kwa chomwe chawonongedwa kulembedwe pa tsamba lomwelo la bachi, pansi pa makilogalamu 850 aja.