Za Pakhomo Pathu: Masitepe Atatu a Pakhonde

Mwezi uno tifuna kuti tikambirane za nyumba imene mukhala munthu woyenda pa njinga ya aulumali. Mabanja ambiri amavutika kwa miyezi kufunafuna njingayi, kaya ku chipatala kaya ku bungwe la MAP limene linayamba m'chaka cha 1979 pothandiza anthu opuwala ndi poliyo. Koma njinga ikafika pakhomo, chimwemwe sichikhalitsa. Mwini wake apeza kuti sangatuluke yekha m'nyumba, ndipo ayenera kudikira ana kuti abwere ku sukulu adzamunyamule. Cholakwa si njinga ayi, koma miyeso ya nyumba.

Tiyeni titenge chitsanzo cha nyumba ya ku Nkhudzi, m'mbali mwa msewu wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay. Anthu a kunyanja ali ndi chifukwa chomveka chokwezera maziko a nyumba zao, pakuti onse akumbukira m'mene nyanja inakwerera m'chaka cha 2024 ndi kulowa m'makomo a m'mphepete mwake. Tinene kuti khonde la nyumba yathuyi lili ndi masitepe atatu, lililonse lokwera masentimita 15. Ndiye kuti kuchokera pabwalo kufika pakhonde pali masentimita 45. Kwa ife oyenda ndi miyendo kumeneku si kukwera konse, koma kwa bambo kapena mayi wa pa njinga ndi khoma.

M'malo mwa masitepe pafunika njira yotsetsereka pang'onopang'ono, imene amisiri aitcha rampu. Lamulo lake ndi ili: pa sentimita imodzi iliyonse ya kukwera, rampu italike masentimita 12 kapena kuposapo. Tsono khonde lathu la masentimita 45 lifuna rampu ya masentimita 540, ndiwo mamita asanu ndi theka tikawerengera mokwaniritsa. Ngati wokwerayo ndi wokalamba, kapena dzanja lake limodzi linafooka ndi sitiroko, nkwabwino kutalikitsa kufika masentimita 20 pa sentimita iliyonse, ndipo rampuyo idzakhala ya mamita 9.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Mmisiri akamva za mamita asanu aganiza za simenti, ndipo angothira konkire pamwamba pa masitepe akale, rampu nkutha pa mamita awiri. Rampu yotere ndi yoopsa kuposa masitepe amene. Pokwera, mateyala ang'onoang'ono a kutsogolo amanyamuka ndipo munthu agwa chagada, mutu nkumenya pansi. Potsika, njinga ithamanga kuposa mphamvu ya manja ake, ndipo zopondera mapazi zikagunda pansi iye aponyedwa kutsogolo. Ngakhale womukankha kumbuyo aterereka nayo.

Tingathe kuyesa tokha ntchito ya mmisiri konkire asanathiridwe. Titenge thabwa lowongoka la masentimita 120, mbali imodzi tiigoneke pa dothi la rampu, ndipo tiliwongole ndi levulo moloza kumunsi. Kenaka tiyeze mpata umene watsala pansi pa mbali inayo. Ukapitirira masentimita 10, rampuyo yaima kwambiri, ndipo nthawi yokonza ndi yomweyo. Ngati bwalo ndi laling'ono, sitiyenera kufupikitsa rampu koma kuigoneka motsata khoma la khonde. M'lifupi mwake ikhale mita imodzi kapena kuposapo, ndipo m'mbali mwake muikidwe kamzere ka njerwa kokwera masentimita 10 kuti teyala lisagwere kunja. Pamwamba pake pasasalazidwe kapena kupakidwa polishi; konkire akadali wamuwisi akandidwe ndi tsache mopingasa, kuti pasaterere nthawi ya mvula.

Chinanso choiwalika ndi malo oimapo. Rampu isathere pa chitseko penipeni, chifukwa munthu sangagwire mateyala pa chitunda ndi kutsegula chitseko nthawi imodzi. Akangosiya teyala, njinga ibwerera m'mbuyo. Pamwamba pa rampu pakhale malo athyathyathya a masentimita 150 mbali zonse, ndipo pansi pakenso pakhale malo olimba ofanana nawo. Ku Nkhudzi mfundo iyi ndi yaikulu chifukwa cha mchenga. Mateyala ang'ono a kutsogolo amatitimira mu mchenga, ndipo rampu yokongola yothera pa mchenga ingosamutsa ndende kuchoka pakhonde kufika pabwalo. Kanjira kopita ku chimbudzi ndi ku bafa kayalidwe njerwa zootcha zogundana bwino, kapena dothi la katondo lotsenderedwa kolimba.

Tsopano tafika pakhomo. Njinga zambiri za akulu ndi za masentimita 60 mpaka 70 m'lifupi. Tinene kuti yathuyi ndi ya 65. Manja opalasa ali kunja kwa mateyala, ndipo afuna masentimita asanu mbali iliyonse, kotero kuti zonse pamodzi ndi 75. Zitseko zambiri zogula m'sitolo ndi za masentimita 81, koma chitseko chikatsegulidwa, kuchindikala kwake ndi mlomo wa felemu zimadya mpata, ndipo potsala ndi pafupifupi 76. Munthu angathe kudutsa pamenepo ngati abwera molunjika, koma akabwera mokhota zala zake zisupuka pa felemu. Nchifukwa chake tiyenera kuyeza mpata weniweni chitseko chili chotsegula, osati chitsekocho ayi. Mpatawo usachepere masentimita 80, ndipo pomanga nyumba yatsopano tiuze kalipentala apange chitseko cha masentimita 90. Kachitunda ka simenti kamene timaika pakhomo potchinga madzi nakonso kamaimitsa njinga kakapitirira masentimita awiri. Kasemedwe mbali zonse ziwiri kuti teyala likwere mosagunda.

Chotsiriza ndi malo otembenukira. Njinga siyenda cham'mbali monga nkhanu. Kuti itembenuke ifuna bwalo lozungulira la masentimita 150 kuchokera mbali ina kufika ina. Muyeso wake ndi wapafupi. Timange choko kapena khala ku chingwe cha masentimita 75, wina agwire nsonga inayo pansi, ndipo tizungulire. Bwalo limenelo lipezeke lopanda kanthu pambali pa bedi, pabalaza, ndi m'chimbudzi. Kuchipinda kawirikawiri sipafunika kugumula khoma. Kukankhira bedi pakona ndi kutulutsa madengu ndi masutikesi kumakwanira. Chovuta ndi chimbudzi cha panja, chimene timachimanga chothina ndi cha khomo laling'ono. Chimenechi chifuna kukulitsidwa, kuikidwa mpando wolimba pa dzenje wofanana msinkhu ndi mpando wa njinga, ndiponso chitsulo chogwira chomangidwira m'khoma. Chitseko chake chizitsegukira kunja, pakuti munthu akagwa mkati, thupi lake ndi njinga zitseka chitseko chotsegukira mkati, ndipo omuthandiza alephera kulowa. Njinga ya mateyala atatu yopalasa ndi manja ndi yaitali kuposa apa; imeneyo ndi ya pa msewu, ndipo ingofuna malo ake pakhonde.

Tsono musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, tengani tepi, chingwe ndi khala, ndipo lembani miyeso yonseyi pansi. Kenaka pemphani mwini njinga kuti ayende yekha m'mizeremo, kuchokera pa bedi kufika pa chimbudzi, inu manja ali kumbuyo. Paliponse pamene iye aima, pamenepo ndi pamene mmisiri ayambire ntchito.